Panado Kapena Bulufeni: Kusankha Mankhwala a Kuwawa kwa Pakhosi ndi Mlingo Woyenera kwa Ana

Kuwawa kwa pakhosi nthawi zambiri kumabwera limodzi ndi chimfine, ndipo chimene chimakuyambitsa ndi mavairasi, tizilombo tating'ono kwambiri timene thupi limatha kutigonjetsa palokha pasanathe sabata. Ululu umene munthu amaumva pomeza umachokera ku nkhondo imene thupi likumenyana ndi tizilomboto, chifukwa pamene khungu lofewa la kummero ndi matonsilo zagwidwa, maselo a pamalopo amatulutsa timadzi totchedwa maprositagilandini, timene timakulitsa mitsempha ya magazi, kutupitsa mnofu ndi kuchititsa mitsempha yomvera ululu kukhala tcheru mopitirira, mwakuti ngakhale malovu enieniwo amasanduka chinthu chovuta kumeza. Timadzi tomweti tikafika ku ubongo timakwezanso kutentha kwa thupi. Mankhwala awiri amene amapezeka m'nyumba zambiri, panado ndi bulufeni, amagwira ntchito posokoneza timadzi timeneti, koma amatero m'malo osiyana a thupi, ndipo kusiyana kwa malowo ndiko kumafotokoza mphamvu ya mankhwala aliwonse komanso ngozi yake.

Mayina awiriwa ndi a malonda amene anazolowereka pakamwa pa anthu mpaka kuphimba mayina enieni a mankhwalawo. Pa paketi kapena pa botolo, panado amalembedwa kuti paracetamol, ndipo bulufeni amalembedwa kuti ibuprofen, choncho wogula ayenera kuyang'ana mawu amenewa m'malo modalira dzina lalikulu la kampani, pakuti mankhwala amodzimodziwo amagulitsidwa m'mayina ambirimbiri. Panado anayamba kugulitsidwa ku Britain mu 1956, pamene bulufeni anapangidwa ndi gulu la Stewart Adams ku kampani ya Boots mumzinda wa Nottingham, ndipo anayamba kuperekedwa kwa odwala nyamakazi mu 1969. Chiyambi chimenechi chikuonetsa kale khalidwe la bulufeni: anapangidwira matenda otupa, ndipo mpaka lero ntchito yake yaikulu ndi kuchepetsa kutupa.

Kumene mankhwala aliwonse amagwira ntchito

Bulufeni amatseka puloteni imene imapanga maprositagilandini paliponse m'thupi, kuphatikizapo pakhosi penipeni pamene patupa, kotero amachepetsa ululu, kutentha thupi ndi kutupa komwe. Panado amagwira ntchito makamaka mu ubongo ndi mu mtsempha waukulu wa mumsana, kumene amachepetsa mphamvu ya uthenga wa ululu ndi kutsitsa kutentha, koma pa mnofu wotupa wa pakhosi sachitapo zambiri. N'chifukwa chake pamene mankhwala awiriwa anayerekezeredwa mwa akuluakulu amene akumva kuwawa pakhosi, bulufeni anapezeka kuti amachepetsa ululu wa pomeza kuposa panado, ndiponso mphamvu yake imakhalitsa, maola 6 mpaka 8, pamene ya panado imatha pakadutsa maola 4 mpaka 6. Mwa ana kusiyanako n'kochepa, ndipo onse awiri amathandiza ndithu akaperekedwa pa mlingo woyenera. Onse amayamba kumveka pakadutsa theka la ola kapena ola lathunthu, zimene zikutanthauza kuti mwana amene akukana phala chifukwa cha ululu ndi bwino kumupatsa mankhwala kaye ndi madzi pang'ono, kenako n'kudikira nthawi imeneyi asanamukakamize kudya.

Zikanakhala kuti funso ndi la mphamvu yokha, nkhani ikanathera pomwepa. Koma maprositagilandini amene bulufeni amawatseka ali ndi ntchito zina zabwino m'thupi, ndipo ziwiri mwa izo n'zofunika kuzimvetsa. Yoyamba ili m'chifu, mmene amathandiza kupanga chinanda chimene chimateteza khoma la chifu ku asidi wogaya chakudya. Akachepa, khomalo limakhala poyera, ndipo zotsatira zake ndi kutentha pamtima, kupweteka kwa m'mimba, mwinanso zilonda zotulutsa magazi. Yachiwiri ili mu impso. Munthu amene ali ndi madzi okwanira m'thupi impso zake sizidalira kwambiri timadziti, koma madzi akachepa, thupi limafinya mitsempha ya magazi kuti lisunge ochepa otsalawo, ndipo pa nthawi imeneyo maprositagilandini ndi amene amasunga mitsempha ya mu impso kuti ikhalebe yotseguka. Kupereka bulufeni pa nthawi yotere n'kuchotsa chitetezo chomaliza cha impso, ndipo zikhoza kusiya kusefa magazi m'masiku ochepa.

Apa ndi pamene kuwawa kwa pakhosi kumasiyana ndi ululu wa dzino kapena wa bondo. Mwana amene akumva kuwawa pomeza amachepetsa kumwa, ndipo ngati watenthanso thupi amataya madzi ambiri kudzera m'thukuta ndi m'kupuma, choncho matenda omwewo amene bulufeni amawathandiza bwino ndi amenenso amakonza mpata woti bulufeniyo avulaze. Funso loyamba posankha, motero, likhale lakuti mwanayo akumwa ndi kukodza motani. Mwana amene akumwa bwino, akudya pang'ono ndipo akukodza mkodzo woyera monga mwa masiku onse akhoza kupatsidwa bulufeni popanda nkhawa, makamaka usiku pamene kukhalitsa kwa mphamvu yake kumamuthandiza kugona. Mwana amene akusanza, akutsekula m'mimba, milomo yauma, kapena watha maola ambiri osakodza, apatsidwe panado, ndipo chachikulu chikhale kumumwetsa madzi, thanzi kapena kumuyamwitsa.

Palinso anthu ena amene bulufeni sawayenera ngakhale akumwa bwino. Khanda losakwana miyezi 3 kapena losakwana makilogalamu 5 lisapatsidwe, ndipo madokotala a ku America amakweza malirewo kufika pa miyezi 6. Mwana wodwala katsabola asapatsidwe, chifukwa mankhwalawa amawonjezera mpata woti zilonda za pakhungu zigwidwe ndi mabakiteriya olowa mozama. Ena mwa odwala mphumu amabanika akamwa bulufeni kapena asipulini, ndipo amene zinamuchitikirapo kamodzi asayesenso. Mayi woyembekezera asankhe panado, makamaka mimba ikapitirira theka, pakuti bulufeni amasokoneza impso za mwana wosabadwayo ndi kayendedwe ka magazi ake. Akuluakulu amene ali ndi zilonda zam'mimba, matenda a impso kapena a mtima, amene amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi kapena oletsa magazi kuundana, nawonso atembenukire kwa panado. M'Malawi ndi m'Zambia muli gulu lina lalikulu loyenera kulitchula, la anthu amene amamwa ma ARV okhala ndi tenofoviya, mankhwala amene pawokha amalemetsa impso. Kwa iwowa kumwa bulufeni masiku ambiri motsatizana si nzeru, ngakhale kuti mbulu umodzi kapena iwiri kwa munthu wa impso zabwino nthawi zambiri siibweretsa vuto.

Ngozi yobisika ya panado

Chifukwa chakuti panado sapweteka m'mimba ndipo amagulidwa pa okala iliyonse, anthu ambiri amamuona ngati mankhwala osapha, ndipo maganizo amenewa ndi amene amamuchititsa kukhala woopsa. Panado amaphwanyidwa m'chiwindi. Gawo lalikulu limasandutsidwa zinthu zosavulaza n'kutuluka mumkodzo, koma kagawo kochepa kamasanduka poizoni amene chiwindi chimamufafaniza pogwiritsa ntchito chinthu chotchedwa gulutathayoni, chimene chiwindicho chimasunga mochepa. Pa mlingo woyenera nkhokwe imeneyi imakwanira, koma mlingo ukapitirira, kapena ukabwerezedwa pafupipafupi kwa masiku angapo, nkhokweyo imatha ndipo poizoniyo amayamba kupha maselo a chiwindi. Mwana wonyentchera, munthu amene watha masiku osadya, chidakwa, ndi wodwala chiwindi amakhala ndi nkhokwe yochepa kale, choncho malire awo ali pafupi kuposa a anthu ena.

Choipa kwambiri n'chakuti kuvulalako sikuonekera msanga. Tsiku loyamba mwana amene wamwa panado wochuluka akhoza kuoneka wabwinobwino, kapena kungochita nseru ndi kusanza, zimene kholo limaziika pa matenda amene analipo kale. Kupweteka kwa kumanja pansi pa nthiti, chikasu m'maso ndi kusokonezeka mutu zimabwera pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi, chiwindi chitawonongeka kale. Mankhwala othetsa poizoniyu alipo, otchedwa asetilisisitini, amene amabwezeretsa nkhokwe ija, koma amagwira bwino kwambiri akaperekedwa pasanathe maola 8 chimwereni. Choncho mwana amene wapezeka ndi botolo lotsegula, kapena amene zadziwika kuti wakhala akupatsidwa mlingo wowirikiza, apite kuchipatala nthawi yomweyo pamodzi ndi botololo, ngakhale akuseweranso pabwalo.

Kuwerengera mlingo

Mlingo wa mwana umawerengedwa potengera kulemera kwake, ndipo zaka zimene zimalembedwa pa botolo ndi chongoyerekeza chabe, chotengera mwana wa thupi lapakatikati. Lamulo la panado ndi mamiligalamu 10 mpaka 15 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, pakadutsa maola 4 mpaka 6, osapitirira kanayi pa maola 24. Lamulo la bulufeni ndi mamiligalamu 5 mpaka 10 pa kilogalamu iliyonse, pakadutsa maola 6 mpaka 8, osapitirira katatu pa tsiku pamene mlingo uli wa pamwambawo. Kulemera kwa mwana wosakwana zaka 5 kumapezeka m'buku lake la kusikelo, malinga ngati anayezedwa posachedwapa.

Chitsanzo chikhale mwana wa zaka 4 amene analemera makilogalamu 16 pa sikelo ya mwezi wathawu, ndipo wadzuka ndi chimfine, chifuwa chochepa ndi kuwawa pomeza. Mlingo wake wa panado ndi 16 kuchulukitsa ndi 15, zimene zikupereka mamiligalamu 240. Ntchito yachiwiri, imene anthu ambiri amaidumpha, ndi kusandutsa mamiligalamuwo kukhala mamililita a mankhwala amadzi, ndipo izi zimadalira mphamvu ya botolo limene lili m'manja. Botolo lofala la ana aang'ono limalembedwa `120 mg/5 ml`, kutanthauza kuti mamililita 5 aliwonse ali ndi mamiligalamu 120, choncho mwanayu ayenera mamililita 10. Ngati m'nyumbamo muli mibulu ya akuluakulu yokha, ya mamiligalamu 500, theka la mbulu limapereka 250, mlingo umene uli pafupi mokwanira ndi wofunikawo, ndipo ndi umenenso achipatala amapereka kwa mwana wolemera chonchi.

Vuto limabwera pamene botolo latha ndipo lina lagulidwa kapena labwerekedwa kwa oyandikana nawo. Pali panado wamadzi wa ana okulirapo wolembedwa `250 mg/5 ml`, amene botolo lake ndi kukoma kwake zimafanana ndi loyamba lija. Kholo limene laloweza pamtima kuti mwana amamwa mamililita 10 lidzapereka mamiligalamu 500 nthawi imodzi, ndipo likatero kanayi, mwanayo alandira mamiligalamu 2,000 pa tsiku m'malo mwa 960, mlingo wopitirira kuwirikiza kawiri malire ake, umene ukabwerezedwa masiku awiri kapena atatu mwa mwana amene sakudya ukhoza kuwononga chiwindi. Palibe amene walakwitsa dala m'nkhani yotereyi, ndipo njira zina zofikira pa ngozi yomweyo n'zosaoneka chimodzimodzi: mayi amapereka m'mawa asanapite kumunda, agogo n'kuperekanso patangopita ola limodzi poona kuti thupi likadali lotentha, kapena mwana amapatsidwa panado pamodzi ndi mankhwala a chimfine amene mkati mwake mulinso panado. Kulemba nthawi ndi mlingo pa kapepala kokhala pafupi ndi botolo kumatseka njira yoyambayo, ndipo kuwerenga zimene zili mkati mwa mankhwala a chimfine kumatseka yachiwiri. Choyezera nachonso chili ndi mbali yake, pakuti masipuni a tiyi a m'nyumba amasiyana kukula kwambiri, ena kuchepera ndi theka, ena kupitirira, kotero sirinji yopanda singano kapena kakapu kolembedwa manambala ndi zimene ziyenera kugwiritsidwa ntchito.

Mwana wina wa zaka 4 zomwezo, koma wolemera makilogalamu 11 okha chifukwa cha kunyentchera, mlingo wake sungapitirire mamiligalamu 165, amene ndi pafupifupi mamililita 7 a botolo loyamba lija. Kutsatira zaka za pa botolo kukanamupatsa mlingo wa mnzake wonenepayo, pamene iyeyu ndi amene chiwindi chake chili ndi chitetezo chochepa.

Tsono ngati mwana wa makilogalamu 16 uja walandira panado pa mlingo wokwanira koma madzulo akukanabe kumeza chakudya, pamene akumwa ndi kukodza bwino, ndi nthawi yoyenera kusinthira kwa bulufeni. Malire ake a pamwamba ndi mamiligalamu 160 nthawi imodzi, ndipo popeza bulufeni wamadzi wofala amalembedwa `100 mg/5 ml`, mamililita 7.5 amapereka mamiligalamu 150, katatu pa tsiku, makamaka atadya kanthu kapena atamwa mkaka. Mibulu ya akuluakulu pano siithandiza monga inathandizira ya panado, chifukwa wa mamiligalamu 200 wapitirira kale malire a mwanayu, ndipo wa 400 ndi wowirikiza kawiri ndi theka. Tsiku lotsatira mwanayo akayamba kutsekula m'mimba, chisankho cha dzulo chimatha ntchito, bulufeni amaimitsidwa ndipo panado amabwerera, chifukwa chimene chinaloleza bulufeni chinali madzi a m'thupi la mwanayo, ndipo madziwo tsopano akuchepa.

Anthu ambiri amafunsa ngati mankhwala awiriwa angaperekedwe mosinthanasinthana. Mwa iwo okha sadana, popeza wina amalemetsa chiwindi ndipo wina impso ndi chifu, ndipo achipatala amawaphatikiza pakakhala chifukwa. Koma panyumba ndondomeko ya mabotolo awiri, milingo iwiri ndi nthawi ziwiri zosiyana imasokoneza ngakhale kholo losamala, makamaka usiku, ndipo phindu lake pa kuwawa kwa pakhosi ndi lochepa poyerekeza ndi mpata wa kulakwitsa. Njira yabwino ndi kuyamba ndi amodzi pa mlingo wokwanira, n'kusintha pokhapokha ngati alephera. Nthawi zambiri panado amene akuti walephera amakhala kuti anaperekedwa mochepa, monga kotala la mbulu kwa mwana woyenera theka. Cholinga cha mankhwalawa chikhalenso kuti mwana apeze bwino ndi kutha kumwa. Mwana amene watentha thupi pang'ono koma akusewera ndi kudya safunika mankhwala, ndipo amene wagona tulo tabwino sayenera kudzutsidwa kuti amwe.

Kwa akuluakulu masamu ndi osavuta: panado mbulu umodzi kapena iwiri ya mamiligalamu 500, osapitirira mibulu 8 pa maola 24, ndipo wolemera mosakwana makilogalamu 50 achepetse, bulufeni mamiligalamu 200 mpaka 400 katatu pa tsiku, osapitirira 1,200 popanda uphungu wa dokotala. Asipulini, amene amapezeka m'mibulu yambiri ya mutu yogulitsidwa m'magolosale, asaperekedwe kwa mwana wosakwana zaka 16, chifukwa akakumana ndi matenda a mavairasi akhoza kuyambitsa nthenda yosowa koma yakupha yotupitsa ubongo ndi kuwononga chiwindi, imene inatchedwa dzina la dokotala wa ku Australia, Douglas Reye, amene anaifotokoza mu 1963.

Zimene mankhwala awiriwa sachiza

Panado ndi bulufeni amachotsa ululu ndi kutentha koma sapha kachilombo kalikonse, ndipo m'dziko la malungo zimenezi zili ndi tanthauzo lalikulu. Mwana akhoza kukhala ndi zilonda zapakhosi ndi malungo nthawi imodzi, ndipo kutsika kwa kutentha pambuyo pa panado sikunena chilichonse za chimene chinakuyambitsa, choncho mwana wotentha thupi ayezedwe magazi a pachala ngakhale pakhosi pakuoneka kuti ndi pamene pali vuto. Khanda losakwana miyezi 3 limene latentha thupi lipite kuchipatala lisanapatsidwe mankhwala alionse a panyumba. Zizindikiro zina sizidikira n'komwe kuti mankhwala ayesedwe: mwana amene akulephera kumeza malovu mpaka dovu kumangotuluka, amene akupuma movutikira kapena mwaphokoso, amene sakutha kuyasamula, amene mawu ake asintha ngati ali ndi chinthu m'kamwa, kapena amene khosi latupa kunja, akhoza kukhala ndi chithupsa cha mafinya kuseri kwa tonsilo kapena kutupa kotseka njira ya mpweya. Kuwawa kumene kwapitirira masiku atatu osachepa, kapena kumene kwabwera ndi zoyerayera zomata pa lilime ndi m'masaya, nakonso kukufunika kuonedwa, chifukwa zoyerazo zimakhala mafangasi amene ali ndi mankhwala akeake ndipo kawirikawiri amasonyeza kuchepa kwa chitetezo cha m'thupi.

Chomaliza ndi bakiteriya wotchedwa sitirepitokokasi wa gulu A, amene amakonda ana a zaka 5 mpaka 15. Amaganiziridwa pamene kuwawa kwabwera mwadzidzidzi ndi kutentha thupi kwambiri, matonsilo ofiira okhala ndi mafinya, ndi mwanabere wopweteka pansi pa nsagwada, koma popanda chifuwa kapena mamina, pakuti chifuwa ndi mamina zimaloza kwa mavairasi. Ululu wake umamvera panado ndi bulufeni monga wina uliwonse, ndipo umatha wokha m'masiku ochepa, koma mwa ana ena, pakadutsa masabata awiri kapena atatu, asilikali a m'thupi amene anapangidwa kuti alimbane ndi bakiteriyayo amatembenukira mfundo za mafupa ndi zitseko za mtima. Nyamakazi yotereyi ikabwerezabwereza imasiya zipsera pa zitsekozo, ndipo nthenda ya mtima imene imatsatira ikadali yofala pakati pa ana ndi achinyamata a kum'mwera kwa Sahara, ngakhale kuti m'mayiko olemera inatsala pang'ono kutheratu. Chimene chimaiteteza ndi penisilini, womwa kwa masiku 10 athunthu kapena wa jakisoni imodzi ya mphamvu yokhalitsa, ndipo amatetezabe ngakhale atayambidwa patapita masiku angapo chiyambireni kuwawa, mpaka tsiku la 9. Mwana wa msinkhu wa kusukulu amene ali ndi zizindikiro zimenezi apatsidwe panado kapena bulufeni kuti athe kumeza, koma apitebe kuchipatala ngakhale ululu utachepa, ndipo akapatsidwa penisilini womwa amalize masiku onse 10, chifukwa kuwawa kumatha pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu pamene bakiteriya akadali pakhosi.